Thabwa ndi limodzi, nkhuku ilipo, saladi akufunikanso: titani?

Kwathu vutoli linkabwera Lachitatu. Lamlungu tadya nkhuku yokazinga, mpunga ndi saladi wa kabichi, aliyense wakhuta, Lolemba ndi Lachiwiri tili bwinobwino, kenako Lachitatu mwana wayamba kupotokola m'mimba, thupi latentha, akuthamangira kuchimbudzi. Ife tinkaloza chala chakudya chadzulo lake kapena madzi a pachitsime. Zinachitika kangapo ndisanazindikire kuti matendawa ankachokera pa thabwa langa lodulirapo, lomwe lija ndinkaduliranso tomato ndi kabichi nditangomaliza kuduladula nkhuku ndi kulitsukuluza ndi madzi a m'kapu.

Chimene chimasokoneza ndi nthawi. Kachilombo kamene kamapezeka kwambiri m'matumbo ndi pakhungu la nkhuku, kotchedwa kampilobakita, kamatenga masiku awiri mpaka asanu munthu asanayambe kumva kudwala. Kena, salimonela, kamafulumirapo: nthawi zambiri mawa lake kapena mkuja, ngakhale kamatha kuyamba patangopita maola 6. Nkhuku imene ili ndi tizilomboti sioneka yodwala, nyama yake sinunkha, ndipo zilibe kanthu kuti ndi ya lokolo yoweta nokha kapena ya m'shopu yochita kuuma ndi ayezi. Kuzizira kwa furiji sikutitha. Chimene chimapha tizilomboti ndi moto. Nkhuku ikapsa mpaka mkati, kufika madigiri 75, tizilomboto tatha. N'chifukwa chake nkhuku yophika bwino siimene imadwalitsa anthu. Chodwalitsa ndi kabichi, tomato, nkhaka, kaloti ndi anyezi wa saladi, zimene zakhudza madzi a nkhuku yaiwisi kenako n'kupita m'mbale osadutsa pamoto.

Mukamvetsa zimenezi, funso limasintha. Simukufunikanso kuda nkhawa ndi masamba onse mofanana. Tomato ndi anyezi amene akulowa mu poto wa nkhuku n'kuwira nayo limodzi alibe vuto ngakhale atadulidwa pa thabwa lomwelo. Mpiru, repu kapena nkhwani zimene ziwire mpaka kupsa zilinso ndi chitetezo cha moto. Zofunika kuzilondera ngati mwana wakhanda ndi zodyedwa zaziwisi, kuphatikizapo papaya, chinanazi, mapeyala ndi buledi, ngati nazonso mumadulira pamenepo.

Chifukwa chimene aliyense amayambira nkhuku

Malangizo oti "yambani masamba, nkhuku pomaliza" ambiri tinawamvapo, koma sitiwatsata, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Nkhuku ya lokolo ndi yolimba, imafuna ola lathunthu kapena kupitirira pamoto. Makala pa mbaula ayaka, akunyeka pachabe, ndiye wophika aliyense wanzeru amafuna nkhuku ikhale pamoto msanga kuti adule zina zija ikuwira. Dongosolo lophikira ndi dongosolo laukhondo zikukokana, ndipo makala ndi amene amapambana.

Njira imene inandithandiza ndi kusuntha ntchito ya saladi kuibweretsa pa nthawi imene moto ukukolera. Makala amatenga mphindi khumi kapena kuposerapo kuti agwire bwino, ndipo madzi ososolera nkhuku amafunanso nthawi kuti atenthe. Nthawi imeneyo ndi yokwana kutsuka ndi kudula kabichi, kaloti ndi nkhaka. Mukadula, ikani m'mbale yokhala ndi chivindikiro, muichotse pamalo ophikirapo, ipite pa shelefu yapamwamba kapena m'furiji. Mawu oti "muichotse" ndikuwatsindika. Mbale ya saladi yosavindikira imene ili pafupi ndi thabwa imalandira timadontho nthawi iliyonse mpeni ukamenya fupa, ndipo ntchentche yochoka pa matumbo a nkhuku siichedwa kutera pa tomato.

Pali chodandaula chimodzi chomveka: saladi wodula msanga amalefuka n'kutuluka madzi. Zimenezi zimachitika mukathira mchere, viniga kapena mandimu nthawi yomweyo. Dulani zouma, musathire kanthu, mudzasakanize pa nthawi yakudya ndi manja osamba. Tomato wodula ndiye amafuna chisamaliro china, chifukwa kunja kukatentha salimonela amaswana mwa iye. Ngati mulibe furiji, asakhale wodulidwa kupitirira maola awiri. Ine tomato wa saladi ndimamutsuka, n'kumusunga wathunthu m'mbale yovindikira, ndipo pomaliza ndimamudulira pa mbale yadothi yoyera, osati pa thabwa.

Thabwa lipatseni ntchito imodzi

Kunena zoona, khitchini zathu zambiri sizifuna matabwa awiri. Amayi athu amadula mpiru, chinizi ndi bonongwe atagwira mtolo m'dzanja, mpeni ukutsika, masamba akugwera m'beseni kapena m'lichero. Anyezi ndi tomato amaduliranso m'manja, molunjika pa poto. Ngati luso limeneli muli nalo, vuto lanu latha theka: thabwa likhale la nyama yokha, masamba asalikhudze n'komwe. Chotsala ndi mpeni ndi manja, zimene ndizitchula kutsogoloku.

Ngati kudulira m'manja kumakuopsani, kapena mumakonda kabichi wodula mopyapyala amene amafuna thabwa, tembenuzani nkhaniyo. Thabwa likhale la masamba, nkhuku muziidulira m'beseni lachitsulo kapena pa thireyi yachitsulo. Nkhuku sifuna kutemedwa ngati nkhuni. Pindani ntchafu kumbuyo mpaka fupa lituluke m'malo mwake, mpeni udutse pa mfundo. Mapiko chimodzimodzi. Chiganga chimalekana ndi msana mukatsata nthiti. Ubwino wa beseni ndi woti magazi ndi madzi sizitayikira pa tebulo, ndipo chitsulo chilibe ming'alu yobisamo mafuta, chimayera ndi sopo kamodzi kokha. Pa njira zonse zimene ndayesa, iyi ndi imene ndimailimbikitsa kwa anthu okhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, mmene tebulo lomwelo ndi lodyera, loikapo mabuku a ana komanso lophikirapo. Mafupa olimba a tambala wamkulu okha ndi amene angafune kutemera pa chipika, ndipo chipikacho chikhale panja.

Ena amati thabwa lili ndi mbali ziwiri, iyi ya nyama, iyo ya masamba. Ndinayesapo, ndipo sindikhulupirira njira imeneyi pa tsiku limodzi lophika. Pamene mukudula nkhuku, madzi ake amayenderera m'mphepete n'kulowa pansi, choncho mbali ya masamba ija yakhala ikusambira m'madzi omwewo. Mukalitembenuza, mbali yakuda imagona pa tebulo n'kulidetsanso, zala zanu zagwira mbali zonse ziwiri. Kulemba chizindikiro pa mbali iliyonse kumathandiza pokhapokha ngati thabwa lonse latsukidwa, kuuma, ndipo tebulo lapukutidwa.

Mwayamba kale nkhuku, saladi mwakumbuka mochedwa

Izi zidzachitika ndithu. Alendo abwera mwadzidzidzi, kapena bambo afika ndi kabichi nkhuku ili kale pamoto. Apa palibe chidule, thabwa liyenera kutsukidwa mokwanira, ndipo ndondomeko yake ili ndi chifukwa pa sitepe iliyonse.

Yambani ndi kupala. Tengani msana wa mpeni, palani timinofu, mafuta ndi magazi, mutaye m'zinyalala zovindikira. Kenako tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda, mukukwecha ndi burashi kapena kasaka ka pulasitiki, mbali zonse ziwiri, m'mphepete, ndi pa bowo lopachikira limene ambiri timaliiwala. Sopo sagwira ntchito yopha tizilombo kwenikweni. Amasungunula mafuta amene tizilomboto tamatirirapo kuti madzi atikokolole. N'chifukwa chake kutsukuluza ndi madzi ozizira okha kumasiya thabwa likuoneka loyera koma mukalisisita ndi chala limaterera. Kuterera kumeneko ndi chizindikiro choti simunamalize. Bwerezani mpaka chala chizigwira.

Mukatsukuluza sopo, m'pamene mumapha zotsala, ndipo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi madzi owira. Imikani thabwa mopendekera m'beseni kapena m'sinki, thirani ketulo yonse pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, mbali iyi kenako inayo. Musayambe ndi madzi owira thabwa lisanatsukidwe, chifukwa amaphika magazi ndi timinofu n'kuzimatiriza m'ming'alu. Thabwa la pulasitiki lopyapyala limatha kupindika ndi madzi otere, ndiye kwa ilo njira yachiwiri ndi yabwino: jiki wamba wosanunkhira maluwa, supuni yaying'ono imodzi m'lita imodzi ya madzi ozizira. Thirani thabwa lonse linyowe, dikirani mphindi ziwiri, tsukuluzani ndi madzi akumwa. Jiki amatha mphamvu akakumana ndi mafuta ndi magazi, choncho kumuthira pa thabwa losatsuka n'kuwononga ndalama. Musamusakanize ndi viniga, mandimu kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya wopweteka m'maso ndi m'chifuwa. Wosungunulayo pangani watsopano tsiku lililonse limene mukumufuna.

Pomaliza liumitseni, ndipo musalipukute ndi kansalu ka m'khitchini. Liimikeni pa thandala padzuwa kapena potsamira khoma pamene mphepo ikupita. Kampilobakita salimba pamalo ouma, ndiye kuuma n'mbali ya kutsuka. Ngati nthawi palibe, gwedezani madzi, mudulire kabichiyo pa mbale yaikulu yoyera, thabwa liume mwa ufulu.

Mchere, mandimu ndi viniga zimachotsa fungo la nkhuku pa thabwa, koma fungo likachoka sikuti tizilombo tachoka. Phulusa ndi labwino pokwecha mafuta sopo akasowa, bola litsatidwe ndi madzi owira.

Thabwa mwatsuka koma vuto silikutha

Apa m'pamene ndinakhalitsa ine. Ndinayamba kutsuka thabwa mosamala, koma patapita milungu ingapo mwana anadwalanso. Ndinachita kudziyang'anira ndekha tsiku lina, kuwerenga chilichonse chimene ndinagwira kuyambira pamene ndinayamba kutumbula nkhuku mpaka pamene ndinasamba m'manja. Ndinagwira chigwiriro cha mpeni, chivindikiro cha botolo la mchere, kapu yotungira madzi mu ndowa, chitseko cha kabati, foni itaitana, ndi chitenje changa chimene ndinapukutirapo zala. Kenako, ndi manja osamba, ndinatsinanso mchere m'botolo lomwelo kuthira mu saladi.

Mchere ndiwo msampha waukulu. Musanayambe nkhuku, tapani mchere ndi zokometsera zimene mukufuna muike pa kasosala, botolo mulibweze. Madzi amene mufune muwathiretu mu jagi kapena beseni kuti dzanja lamagazi lisalowe mu ndowa ya madzi akumwa. Ngati pali mwana wamkulu pakhomo, ntchito yake ikhale kukuthirirani madzi. Posamba m'manja pakani sopo, tikitani masekondi 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo, ndipo madzi akhale othira kapena a pampopi, osati a m'beseni lomwe mwatsukiramo nyama.

Mpeni ambiri timatsuka kumaso kokha. Pamene chitsulo chalowera m'chigwiriro pamakhala kampata kamene kamasunga magazi, makamaka pa mipeni ya chigwiriro chamtengo kapena yomanga ndi mphira. Mpeni utsukidwe wonse, ulandirenso madzi owira aja limodzi ndi thabwa. Mpeni wachiwiri, ngakhale waung'ono, ndi wotsika mtengo kuposa thabwa lachiwiri ndipo kwa amene amadulira m'manja ndi wofunika kuposa thabwalo.

Kansalu kopukutira ndiye mdani amene timamukonda. Kapukuta tebulo la nkhuku, kachapidwa pang'ono, kakhala konyowa pa msomali, madzulo kapukuta mbale. Pamalo ofunda ndi onyowa ngati amenewo salimonela amaswana. Madzi a nkhuku pa tebulo apukuteni ndi pepala lotaya, kenako sopo ndi madzi a jiki aja. Ngati mwagwiritsa ntchito nsalu, isabwererenso pa ntchito tsiku limenelo: iwiritseni mu poto wakale mphindi zisanu kapena muinyike mu jiki, muyanike padzuwa. Siponji imene yakwecha thabwa la nkhuku ichitidwenso chimodzimodzi isanakhudze makapu.

Za kutsuka nkhuku

Akatswiri a zaukhondo wa chakudya amalangiza kuti nkhuku yaiwisi isatsukidwe, chifukwa madzi sachotsa tizilombo tomatirira pakhungu koma amangotimwaza pa sinki, pa mbale zoyanika ndi pa zovala. Kwa nkhuku ya m'paketi, yososola ndi kutumbula kale, malangizowa ndi oona ndipo ndimawatsata: kuchoka m'paketi, kudula, kulowa mu poto. Koma nkhuku yozinga nokha imakhala ndi tinthenga, mwaye wa powaula, magazi, nthawi zina ndowe ngati thumbo laphulika. Imeneyo palibe amene angaiphike osatsuka, ndipo sindinganene kuti muleke.

Chofunika ndi malo ndi katsukidwe. Kuzinga, kusosola ndi kutumbula kuchitikire panja, kutali ndi thandala la mbale. Potumbula chekani khungu lokha mosamala kuti matumbo atuluke athunthu, chifukwa m'matumbomo ndi m'mene muli tizilombo tochuluka. Nthutumba ndi matumbo, ngati mumadya, zikonzedwe pomaliza m'mbale yakeyake. Tsukani nyama m'beseni loika pansi, mukuviika ndi kusisita mofatsa, osati pansi pa mpopi wothamanga. Madziwo akatayidwe m'chimbudzi kapena m'dzenje, osati pabwalo pamene ana amakwawa, komanso osati m'dimba la masamba la kuseri kwa nyumba. Amene amakhala m'nyumba zam'mwamba, kapena ogawana khitchini ndi anzawo ku Joni kapena ku Mangalande, alibe bwalo. Iwo achotse chilichonse pafupi ndi sinki asanayambe, ndipo akamaliza atsuke sinkiyo ndi mpopi wake asanatsukiremo letesi.

Madzi akavuta

Tsiku limene mipopi yauma ndi pamene anthu amadumpha masitepe. Ndinayeza ndekha: thabwa, mpeni ndi manja zimatheka ndi malita atatu ngati mwapala bwino poyamba. Lita imodzi yofunda ya sopo, ina yotsukuluzira mothira pang'onopang'ono ndi kapu, yachitatu yowira. Ngati ngakhale amenewo palibe, tsiku limenelo saladi asakhalepo. Kabichiyo mukazingeni ndi tomato, apse. Chisankho chimenechi ndimachipanga kawirikawiri m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo palibe amene anadandaulapo pa tebulo.

Mwina vuto ndi thabwa lenilenilo

Litengereni padzuwa mulione. Ngati ndi la pulasitiki ndipo pakati pake pachita mizere yakuya yakuda kapena yachikasu imene burashi siichotsa, kapena pamwamba pake pakunyotsoka tiulusi, latha ntchito. Ngati ndi lamtengo, yang'anani ming'alu, malo olumikiza amene ayamba kutseguka, ndi madontho akuda a nkhungu. Linunkhizeni litauma: thabwa loyera silimveka nyama. Lamtengo lili ndi mwayi woti kalipentala akhoza kulipala ndi puleni n'kukhalanso losalala, koma mng'alu wodutsa mkati supalika. Musaliviike m'madzi usiku wonse, chifukwa ndi kumene kumalitupitsa n'kuling'ambula, ndipo musalisunge chogona pa tebulo lonyowa. Chidutswa cha pulayiwudi kapena thabwa lopaka penti si chodulirapo chakudya.

Pogula latsopano, lakalelo musaliike kukhala "la nkhuku" poganiza kuti nkhuku ipsa. Ming'alu yake izisunga magazi a sabata yatha pafupi ndi ziwiya zanu. Litayeni, mutsate njira ya beseni ija.

Zimayambira kumsika

Nthawi zina khitchini ilibe mlandu. Nkhuku yososola kumsika imaikidwa m'jumbo yopyapyala, jumboyo imalowa m'chikwama chimodzi ndi tomato ndi letesi, m'minibasi chikwama chapanikizika, pofika kunyumba pansi pake panyowa. Pemphani majumbo awiri, mumange, nkhuku ikhale pansi kapena m'dzanja lina. Masamba amene anyowa ndi madzi a nkhuku aphikidwe, kutsuka kokha sikuwabwezera kukhala a saladi.

M'furiji nkhuku ikhale pa shelefu yapansi penipeni, m'mbale yakuya yovindikira. Vuto ndi loti m'mafuriji ambiri kabokosi ka masamba kali pansi pa shelefu imeneyo, ndiye mbale yosadontha ndi yofunika kwambiri kuposa paketi imene nkhuku inabweramo. Magetsi akazima maola ambiri, nkhuku ya mufiriza imayamba kusungunuka, ndipo m'mafuriji a chitseko chimodzi madzi ake amatsikira pa zonse zili m'munsi. Magetsi akabwera, yang'anani ngati pa mashelefu pali timadzi tofiirira musanatenge nkhaka n'kupatsa mwana.

Wina akadwala

Kutsegula m'mimba kwa mtundu uwu nthawi zambiri kumatha kokha m'masiku ochepa mpaka sabata, ndipo chachikulu n'kubwezeretsa madzi m'thupi ndi Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, kumwa pang'onopang'ono pafupipafupi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musagule mankhwala opha tizilombo pa okala mongoganizira. Pitani kuchipatala msanga ngati chimbudzi chili ndi magazi, thupi latentha kwambiri, wodwala akusanza chilichonse chimene wamwa, maso alowa, mkodzo wachepa, kapena chimbudzi chikungotuluka madzi okhaokha ochuluka, chifukwa chimenecho chikhoza kukhala kolera. Mwana wosakwana zaka zisanu, mayi woyembekezera, agogo, ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika asadikire masiku kunyumba.

Kuchipatalako akakufunsani zimene wodwala anadya, musatchule za dzulo zokha. Bwererani masiku asanu, mutchule tsiku limene munakonza nkhuku ndi zaziwisi zimene zinali pa tebulo tsikulo. Ndipo amene akutsegula m'mimba asakonze chakudya cha ena mpaka patadutsa masiku awiri chilekereni kutsegula.